Mlandu unayambira kwa majisitireti, bwanji tsopano akuti ku Hai Khoti?

*"Mlongo wanga anamenyana ndi mnzake pa nkhani ya ngongole. Mnzakeyo anavulala m'mutu n'kugonekedwa m'chipatala. Apolisi anamutsegulira mlandu wovulaza munthu, anakaonekera kwa majisitireti ndipo anapatsidwa belo. Patatha milungu itatu wovulala uja anamwalira. Mlongo wanga anamugwiranso, ndipo majisitireti yemwe uja akuti alibe mphamvu pa mlanduwu, ngakhale belo sangapereke, tidikire ku Hai Khoti. Kodi makhoti awiriwa amasiyana bwanji, ndipo ndi milandu iti imene imapita uku kapena uko? Kapena atikana chifukwa tilibe loya?"*

Mayi, pepani ndi zimene zagwera banja lanu, komanso banja la malemuyo. Majisitireti sanakukaneni chifukwa chosowa loya, ndipo ngakhale mukanabwera ndi loya wodziwika bwanji, yankho likanakhala lomwelo. Tsiku limene wovulalayo anatsirizika, mlandu unasintha dzina, ndipo dzina latsopanolo lili m'gulu la milandu yochepa imene lamulo linachotsa m'manja mwa majisitireti aliyense, kaya wamng'ono kaya wamkulu.

Malire a mphamvu za makhoti amaikidwa ndi malamulo a dziko lililonse palokha, choncho ndiyankha motsatira malamulo a Malawi. Ku Zambia nako mlandu wa kupha munthu umapita ku Hai Khoti, koma ku South Africa kuli makhoti ena a majisitireti amene amaloledwa kuzenga mlandu wa kupha. Ndatchula izi kuti muone kuti si nzeru za majisitireti zimene zikukayikiridwa. Ndi Nyumba ya Malamulo imene inalemba mzere, ndipo woweruza aliyense amaima mbali imene anamuika.

Kusiyana kwenikweni kwa makhoti awiriwa kuli pa gwero la mphamvu zawo. Hai Khoti imatenga mphamvu zake m'malamulo aakulu a dziko, pa ndime 108, imene imanena kuti bwalo limeneli likhoza kumva ndi kugamula mlandu uliwonse, kaya ndi wa boma ndi munthu, kaya ndi wa anthu awiri okangana. Palibe mlandu umene ungaikulire. Khoti la majisitireti lili pansi pake, ndipo lili ndi mphamvu zokhazo zimene lamulo lachita kulipatsa. Majisitireti asanayambe kumva nkhani amayenera kudzifunsa ngati pali ndime yomulola. Akapanda kuipeza n'kupitiriza ndithu, zonse zimene wachita zimakhala zopanda ntchito, ndipo Hai Khoti idzazifafaniza ngakhale chigamulo chake chikhale chooneka cholungama. Ndiye pamene anakuuzani kuti alibe mphamvu, anali kuteteza mlanduwo kuti usadzayambirenso poyamba patatha zaka.

Anthu okhala pampando nawonso ndi osiyana. Jaji wa Hai Khoti amasankhidwa ndi Mtsogoleri wa dziko potsatira malangizo a bungwe loona za ntchito za oweruza, ndipo loya amayenera kukhala atakwanitsa zaka zosachepera 10 ali wololedwa kugwira ntchito ya uloya kuti aganiziridwe pa udindowu. Majisitireti amaikidwa ndi mkulu wa majaji onse, ndipo alipo a mitundu iwiri. Pali amene amatchedwa rezidenti majisitireti, omwe ndi anthu a digiri ya malamulo, ndiye pali a magiredi, kuyambira giredi yoyamba mpaka yachinayi, amene ambiri mwa iwo si maloya koma anaphunzitsidwa ntchito yoweruza. Makhoti a majisitireti ali m'boma lililonse, pamene Hai Khoti ili ndi maofesi ake ku Blantyre, Lilongwe, Zomba ndi Mzuzu, ndipo majaji amachita kuyenda kukakhala m'maboma ena pa nthawi zoikika. Ichi chokha chikufotokoza mbali ina ya kuchedwa kumene mukumane nako.

Tsopano milandu. Anthu ambiri amaganiza kuti mlandu uliwonse woopsa umapita ku Hai Khoti, koma sizili choncho. Lamulo la kazengedwe ka milandu ndi umboni, pa ndime 13, linalembedwa mozondoka: m'malo motchula milandu imene majisitireti angamve, limati majisitireti akuluakulu angathe kumva mlandu uliwonse kupatula ochepa amene latchula. Mwa ochepawo muli kuukira boma, kubisa chiwembu choukira boma, uchifwamba wolanda zombo pamadzi, kupha munthu mwadala ndi kupha munthu mosafuna, pamodzi ndi kuyesa kapena kuthandizira kuchita milandu imeneyi. Yotsala yonse, kuba, kuthyola nyumba, kuba moopseza ndi zida, kuvulaza munthu, kugwiririra, kugona ndi mwana wamng'ono, chamba, chinyengo, milandu ya pamsewu, imatha kuyamba ndi kuthera kwa majisitireti. N'chifukwa chake milandu yochuluka kwambiri ya m'dziko imagamulidwa ndi majisitireti, ndipo anthu ambiri amene ali m'ndende jaji sanamuonepo ndi maso.

Pakati pa majisitireti okhaokha palinso kusiyana. Mlandu wogwiririra kapena wogona ndi mwana sumaloledwa kupita kwa majisitireti wa giredi yachiwiri kutsika m'munsi. Umafuna rezidenti kapena wa giredi yoyamba. A giredi yachitatu ndi yachinayi amamva milandu ing'onoing'ono yokha.

Malire achiwiri ndi a chilango, ndipo apa m'pamene anthu amasokonekera kwambiri. Ndime 14 ya lamulo lomwelo imaika denga pa majisitireti aliyense. Rezidenti sangapitirire zaka 21. Wa giredi yoyamba amalekera pa zaka 14, wa giredi yachiwiri pa zaka 10, wa giredi yachitatu pa zaka 3, ndipo wa giredi yachinayi pa miyezi 12. Palibe majisitireti amene angagamule kuti munthu aphedwe kapena akakhale kundende moyo wake wonse. Ndiye taganizani za mlandu wogona ndi mwana, umene chilango chake chachikulu m'buku la milandu ndi kukhala kundende moyo wonse. Majisitireti wa giredi yoyamba ali ndi mphamvu youzenga, kumva mboni, kupeza munthu wolakwa, koma dzanja lake limalekera pa zaka 14. Akaona kuti zimene wapalamulayo anachita n'zoyenera zaka zoposa pamenepo, lamulo limamulola kumupeza wolakwa kenako n'kumutumiza ku Hai Khoti kuti jaji akapereke chilango. Choncho mlandu umodzi ukhoza kumvedwa pansi, chilango n'kuchokera pamwamba.

Tibwerere kwa mlongo wanu, chifukwa nkhani yake ikuonetsa bwino mmene chochitika chimodzi chimadumphira mzere umenewu.

Pamene mnzake anali m'chipatala akupuma, mlandu unali wovulaza munthu koopsa, umene uli pa ndime 238 ya buku la milandu ndi zilango, ndipo chilango chake chachikulu ndi zaka 14. Umenewu ndi wa majisitireti. Woimira boma anali wapolisi wophunzitsidwa ntchito yozenga milandu, doketi inali pa siteshoni, ndipo majisitireti anali ndi mphamvu zonse zopereka belo. Munthu atamwalira, apolisi amatsegula mlandu wa kupha. Mlandu woyamba uja kawirikawiri woimira boma amauchotsa, chifukwa wamezedwa ndi waukulu. Belo imene anapatsidwa inali ya mlandu wovulaza, sikuphimba mlandu watsopano, ndipo n'chifukwa chake anamugwiranso ngakhale sanaphwanye lamulo lililonse la belo yake. Ena amafunsa ngati uku si kuzenga munthu kawiri pa nkhani imodzi. Ayi. Ngakhale majisitireti akanakhala atagamula kale mlandu wovulaza, lamulo limalola kuzenga munthu mlandu wa kupha ngati imfa yachitika pambuyo pa chigamulo choyambacho, chifukwa pa nthawi imeneyo mlandu wa kupha kunalibe.

Mwina mukudabwa kuti nanga bwanji anamutengeranso kwa majisitireti ngati alibe mphamvu. Malamulo aakulu a dziko, pa ndime 42, amalamula kuti munthu aliyense womangidwa akaonekere ku khoti pasanathe maola 48, kapena tsiku loyamba limene khoti likugwira ntchito ngati maolawo athera pa tsiku lopuma. Khoti lapafupi ndi la majisitireti. Pamenepo amamuuza chifukwa chimene wamangidwira ndi kulamula kuti akasungidwe pa limandi, koma samufunsa kuti akuvomera kapena akukana mlandu. Funso limenelo adzalimva kwa jaji. Mlongo wanu asayese kufotokoza mbali yake pamaso pa majisitireti poganiza kuti amumvera chisoni. Si malo ake, ndipo zimene munthu amalankhula wopanda womulangiza zimatha kudzamutsatira.

Chotsatira n'chimene chimadya nthawi. Apolisi amamaliza kufufuza, amatenga lipoti la dokotala amene anapima thupi la malemu, n'kutumiza doketi ku ofesi ya mkulu woimira boma pa milandu, amene m'manyuzi amamulemba kuti DPP. Maloya a ofesi imeneyo ndi amene amawerenga umboni n'kusankha dzina lenileni la mlandu. Akakhutira, mkuluyo amalemba chikalata chonena kuti mlanduwu ndi woyenera kukazengedwa ku Hai Khoti. Chikalatacho chikafika, mlongo wanu adzaonekeranso kwa majisitireti kwa mphindi zochepa chabe, ndipo majisitireti adzamupereka m'manja mwa Hai Khoti. Lamulo lilinso ndi njira ina yakale, yoti majisitireti ayambe wamva mboni kuti aone ngati pali nkhani yoti n'kutumiza kumwamba, koma masiku ano njira ya chikalata ndi imene imagwiritsidwa ntchito. Mlandu usanayambe, boma limayenera kumupatsa mayina a mboni ndi zimene mboni iliyonse inanena ku polisi. Mapepala amenewa ndi ofunika kuposa china chilichonse. Loya amamanga chitetezo chake pa iwo.

Njira ya chikalatayi imagwiranso ntchito pa milandu imene majisitireti akanatha kuimva. Popeza Hai Khoti ilibe malire, mkulu woimira boma akhoza kutengera kumeneko mlandu wa kuba ngati waona kuti ndi waukulu kapena wovuta. Ndi mmene milandu yambiri ya kubedwa kwa ndalama za boma imene inaululika mu 2013 inafikira pamaso pa majaji, ngakhale kuba pakokha ndi mlandu wa majisitireti. Woimbidwa mlandu sasankha yekha khoti.

Dzina limene maloya a boma asankhe ndi nkhani yaikulu kwa inu, ngakhale mayina onse awiri akupita ku Hai Khoti. Kupha mwadala kuli pa ndime 209, kupha mosafuna pa ndime 208. Pano ndikuchenjezeni pa chinthu chimene mabanja ambiri amachimva mochedwa. Kunena kuti "sankafuna kumupha" sikukwanira. Lamulo limati munthu wapha mwadala ngati ankafuna kupha, komanso ngati ankafuna kuvulaza koopsa, kapena ankadziwa kuti zimene akuchitazo zikhoza kupha kapena kuvulaza koopsa. Ndiye jaji adzayang'ana zinthu zooneka: anamenya ndi chiyani, pati, kangati, ndipo ndewu inali itafika pati. Munthu amene anaponya chibakera chimodzi, mnzake n'kugwa chagada n'kumenyetsa mutu pansi, nkhani yake imapendekera ku kupha mosafuna. Amene anachoka pa ndewu, n'kukatenga mpini, n'kubwerera kudzamenya mnzake m'mutu kawiri, nkhani yake imapendekera ku kupha mwadala ngakhale alumbire kuti ankangofuna kumuphunzitsa. Kuputidwa kwadzidzidzi, munthu n'kuchita zinthu mtima usanazizire, kumatha kutsitsa mlandu kuchoka pa mwadala kufika pa mosafuna. Kudziteteza, ngati mphamvu imene anagwiritsa ntchito inali yolingana ndi choopsacho, kumatha kumumasula kotheratu.

Milungu itatu imene inadutsa nayo ili ndi ntchito. Boma liyenera kutsimikizira khoti kuti imfayo inachokera ku bala la ndewu ija. Ngati lipoti la dokotala likunena kuti magazi anaundana mu ubongo chifukwa cha kumenyedwa, chingwe chake n'cholunjika. Ngati likutchula matenda ena amene malemu anali nawo, kapena silikunena bwinobwino chimene chinapha, loya ali ndi poyambira. Koma musaike mtima wonse pa mfundo yakuti kuchipatala sanamusamale bwino. Lamulo limamuwerengerabe imfayo munthu amene anavulaza, ngakhale zitaoneka kuti chithandizo chabwinopo chikanapulumutsa moyo.

Pa chilango, kupha mosafuna kumafika mpaka moyo wonse m'ndende, koma jaji ali ndi ufulu wopereka zaka zochepa malinga ndi mmene zinthu zinachitikira. Kupha mwadala kale kunali ndi chilango chimodzi chokha, kunyongedwa. Mu 2007, pa mlandu wa Kafantayeni, Hai Khoti inagamula kuti kukakamiza jaji kupereka chilango cha imfa mosayang'ana nkhani ya munthu payekha n'kosemphana ndi malamulo aakulu a dziko. Kuyambira pamenepo jaji amamva zifukwa zochepetsera chilango, monga msinkhu, kusapalamulapo kale, ndi mmene ndewu inayambira. Chigamulo chimenechi chikuonetsanso kusiyana kwina kwa makhoti awiriwa. Hai Khoti ikhoza kunena kuti lamulo lakutilakuti ndi losemphana ndi malamulo aakulu, ndipo zimene yanena zimamanga majisitireti onse. Majisitireti alibe mphamvu imeneyo, ndipo chigamulo chake sichimanga khoti lina.

Tsopano belo, imene ndikudziwa kuti ndiyo ikukusowetsani tulo. Pa mlandu wa kupha, apolisi ndi majisitireti sangapereke belo, koma Hai Khoti ingathe. Simuyenera kudikira kuti mlandu uyambe, ngakhalenso kudikira chikalata cha mkulu woimira boma chija. Pempho likhoza kupita lero. Limalembedwa, ndipo limatsagana ndi chikalata cha lumbiro chofotokoza kuti womangidwayo ndi ndani, amakhala kuti, ali ndi banja lotani, anamangidwa liti, ndipo ndani angamuimire ngati mboni za belo. Boma limapatsidwa mpata woyankha. Khoti lalikulu la apilo linanena pa mlandu wa Mvahe mu 2005 kuti ngakhale pa mlandu wa kupha, ndi boma limene liyenera kuonetsa chifukwa chomveka chokanizira munthu belo. Jaji amayang'ana makamaka ngati munthuyo angathawe, ngati angasokoneze mboni, ndiponso ngati moyo wake ungakhale pa chiswe akabwerera kumene kunachitikira imfa anthu akadali ndi mkwiyo.

Mlongo wanu ali ndi mfundo imodzi yamphamvu imene ambiri sakhala nayo: anapatsidwapo kale belo pa nkhani yomweyi ndipo sanathawe. Ngati ankapita kukasayina ku polisi pa masiku ake, pezani umboni wake, kaya ndi pepala la belo limene ankadindapo, ndipo mulipereke kwa loya. Konzaninso achibale awiri okhazikika, okhala ndi ziphaso zawo, odziwa kuti akulonjeza chuma chawo ngati iye atathawa, chifukwa khoti limawafunsa mafunso lisanawavomereze. Ngati kwanuko mitima idakali yowawa, tchulani malo ena kumene angakakhale. Ndipo inu a pabanja musapite kwa mboni kukakambirana za umboni wawo, ngakhale mwaulemu chotani. Boma likangonena m'khoti kuti achibale akuyendera mboni, belo imavuta nthawi yomweyo.

Pali nambala ina yoti muisunge. Chiyambire kusintha kwa lamulo mu 2010, pali malire a nthawi imene munthu angasungidwe pa limandi mlandu wake usanayambe. Pa milandu wamba ya majisitireti ndi masiku 30. Pa milandu ikuluikulu monga kupha, kuukira boma, kugwiririra ndi kuba moopseza ndi masiku 90, ndipo boma likhoza kupempha khoti kuti liwonjezere masiku osapitirira 30. Kunena zoona, malire amenewa amadumphidwa kawirikawiri, ndipo ndi chinthu chimene chimandipweteka mtima pa ntchito imeneyi, chifukwa munthu amene palibe akumulondolera amatha kukhala zaka osaonana ndi jaji. Chitseko cha ndende sichitseguka chokha masiku 90 akakwana. Koma akadutsa, pempho la belo limakhala ndi mphamvu zambiri, popeza tsopano boma ndi limene likusunga munthu kunja kwa lamulo. Lembani tsiku limene anamugwira kachiwiri, muziwerenga kuyambira pamene maola 48 anatha chimugwirireni.

Za loya. Kwa majisitireti anthu ambiri amadziyankhira okha, ndipo majisitireti amayenera kuwafotokozera ufulu wawo pamene mlandu ukuyenda. Ku Hai Khoti pa mlandu wa kupha, boma limaimiridwa ndi loya weniweni, ndipo woimbidwa mlandu naye amayenera kukhala ndi wake. Ngati simungathe kulipira, pitani ku ofesi ya boma yothandiza anthu osowa pa milandu, imene ambiri amaitcha Ligo Edi. Milandu ya kupha ndi imodzi mwa ntchito zawo zazikulu, ndipo pempho la belo akhoza kukulemberani. Popita tengani dzina la siteshoni ya polisi, nambala ya mlandu woyamba uja, tsiku la kumangidwa koyamba ndi kwachiwiri, ndi dzina la ndende imene akusungidwa. Maloya ake ndi ochepa poyerekeza ndi milandu, choncho muzipitako kukakumbutsa. M'ndende zambiri mumafikanso alangizi a zamalamulo amene si maloya, ndipo mlongo wanu akhoza kuwapempha kuti amulondolere pamene doketi yake yaima.

Lamulo limatchula kuti milandu ya ku Hai Khoti izimvedwa ndi gulu la anthu wamba 12 othandiza kugamula, koma limapatsanso nduna mphamvu yolamula kuti milandu ina imvedwe ndi jaji yekha, ndipo kwa zaka zambiri tsopano milandu ya kupha ikuyenda motero. Yembekezani jaji mmodzi.

Mwina achibale ena akukuuzani kuti mukagwirizana ndi banja la malemu mlandu utha. Kwa majisitireti, pa milandu ing'onoing'ono monga kumenyana kosavulazana kwambiri, lamulo limalola khoti kulimbikitsa anthu kugwirizana n'kutseka nkhani. Pa imfa ya munthu sizitheka. Mlandu ndi wa boma, ndipo ndi mkulu woimira boma yekha amene angauimitse. Kupepesa ndi kuthandiza pa maliro ndi umunthu, ndipo jaji akhoza kuziganizira pa nthawi ya chilango, koma munthu aliyense amene angakuuzeni kuti mumupatse ndalama kuti doketi isowe akukuikani inuyo pa mlandu wina.

Mbali yomaliza ya funso lanu ndi mmene makhoti awiriwa amalumikizirana, chifukwa Hai Khoti sikuti imangomva milandu yake yokha. Imayang'aniranso ntchito ya majisitireti. Tiyerekeze kuti wovulala uja akanachira, mlongo wanu n'kupezeka wolakwa kwa majisitireti wa giredi yoyamba n'kupatsidwa zaka 4. Fayilo yake ikanayenera kutumizidwa ku Hai Khoti kuti jaji aione ngakhale iye asanadandaule, chifukwa lamulo limafuna kuti chilango choposa chaka chimodzi chochokera kwa wa giredi yoyamba, kapena choposa zaka 2 chochokera kwa rezidenti, chitsimikizidwe ndi jaji. Jaji amawerenga zonse zimene zinalembedwa, n'kuona ngati mlandu unali woyenera, ngati umboni unakwana, ngati chilango chikugwirizana ndi milandu ina yofanana nawo. Akhoza kuvomereza, kuchepetsa, kumasula munthu, kapena kuwonjezera chilango atamupatsa mpata wolankhula. Kupatula apo pali apilo, imene munthu amachita yekha: chidziwitso chimaperekedwa pasanathe masiku 10 chigamulo chitaperekedwa, ndipo zifukwa zake zimatsatira pasanathe masiku 30. Wochedwa amayenera kupempha chilolezo ndi kufotokoza chimene chinamuchedwetsa. Amene anavomera yekha mlandu amangodandaula za chilango, osati za kupezeka wolakwa.

Mlandu woyambira kwa majisitireti uli ndi makwerero awiri pamwamba pake, Hai Khoti kenako khoti lalikulu la apilo, ngakhale kuti pa khwerero lachiwirili amangomva mfundo za malamulo. Wa mlongo wanu, poti ukuyambira ku Hai Khoti, uli ndi khwerero limodzi lokha. Khoti la apilo kawirikawiri silionanso mboni; limawerenga zimene zinalembedwa pa tsiku la mlandu. Choncho mboni iliyonse imene inaona mmene ndewu inayambira, amene anayamba kumenya, ndi chimene aliyense anali nacho m'manja, iyenera kudziwika kwa loya panopa, anthu asanasamuke ndi kuiwala. Lembani mayina awo ndi kumene amapezeka, mupereke kwa loya, ndipo iye ndi amene akalankhule nawo.